Ola Limodzi pa Sabata: Malova Amene Chiwerengero cha Ulova Sichiwaona

Mafunso a pakhonde

Tiyerekeze kuti wochita kalembera wafika pa khomo lina ku Ndirande, fomu ili m'manja. Wapeza mnyamata wa zaka 27 atakhala pakhonde cha m'ma 10 koloko m'mawa. Mnyamatayo adaphunzira kuwotcherera zitsulo, satifiketi ali nayo m'chikwama, koma chaka chatha ndi theka asanalembedwe ntchito.

"Achimwene, m'masiku asanu ndi awiri apitawa mwagwirako ntchito iliyonse yolipidwa?"

"Ayi, ndikungokhala. Ntchito kulibe."

Wakalembera wophunzitsidwa bwino salemba yankho limeneli msanga. Pa fomupo pali funso lina lotsatira, ndipo amayenera kulifunsa.

"Nanga kaganyu kalikonse, ngakhale ka ola limodzi? Kapena kugulitsa kanthu, kapena kuthandiza pa bizinesi ya wachibale?"

"Aaa, Lachitatu ndinakawotcherera geti kwa amayi ena uko. Anandipatsa ya sopo basi."

"Munatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Maola awiri kapena atatu."

Zatha pamenepo. Mnyamatayu walowa m'gulu la anthu amene ali pantchito, gulu lomwelo muli mphunzitsi wa boma ndi namwino wa ku Queens. Mafunso ofuna kudziwa ngati akufunafuna ntchito sakhudzanso chiwerengero cha malova, pakuti iye sali lova. Wakalembera sanalakwitse ndipo sananame. Watsata lamulo limene maiko adagwirizana kudzera ku bungwe la za ntchito la ILO, loti munthu amene wagwira ntchito yolipidwa kapena yopezapo phindu kwa ola limodzi m'sabata imene ikufunsidwayo amawerengedwa kuti ali pantchito.

Lamulo la ola limodzili lili ndi chifukwa chake. Owerengera chuma cha dziko amafuna kuti ntchito iliyonse imene yatulutsa katundu kapena thandizo iwerengedwe, kuti chiwerengero cha ogwira ntchito chigwirizane ndi cha zimene dziko lapanga. Amafunanso mzere umodzi woti maiko onse aziuona mofanana. Vuto limabwera pamene ife owerenga nyuzipepala titenga chiwerengero cha ulova ngati muyeso wa anthu amene akuvutika ndi kusowa ntchito. Chimenecho sichiyesa.

Zipata zitatu

Kuti munthu alembedwe kuti ndi lova amayenera kudutsa zipata zitatu, zonse pamodzi. Choyamba, asakhale kuti wagwira ntchito yolipidwa ngakhale ola limodzi m'sabatayo. Chachiwiri, akhale kuti wachitapo kanthu pofunafuna ntchito posachedwapa, kawirikawiri m'masabata anayi apitawo: kulemba kalata, kukaima pa geti la kampani, kufunsa abale, kufuna mpamba kapena malo oyambira bizinesi. Chachitatu, akhale wokonzeka kuyamba ntchito itapezeka tsopano lino.

Akatero, owerengera amatenga malovawo n'kuwagawa ndi chiwerengero cha malova ndi ogwira ntchito pamodzi, osati cha anthu onse a m'dziko. Ana asukulu, okalamba, odwala ndi aliyense amene sakugwira komanso sakufunafuna amakhala kunja kwa masamuwo.

Taonani chipata choyambacho. Ndani ku Malawi kuno amene angakhale sabata yathunthu osagwira kalikonse, n'kumangoyenda ndi envulopu ya makalata? Ndi amene ali ndi womudyetsa. Mwana wa m'banja lopezako amene wamaliza ku yunivesite angathe kudikira miyezi isanu ndi umodzi kunyumba kwa makolo. Mayi wa ana atatu ku Mtandire sangathe kudikira ngakhale masiku awiri. Iye amakapikula tomato, amakachapa zovala za anthu, amakaphwanya miyala. Dziko lathu lilibe ndalama zimene boma limapereka mwezi ndi mwezi kwa munthu woti ntchito yamuthera, ndiye wosauka sakhala lova pa fomu. N'chifukwa chake m'maiko ambiri osauka ulova wolembedwa umaoneka wochuluka pakati pa ophunzira ndi a m'tauni, pamene umphawi weniweni uli pakati pa anthu amene fomu ikuti ali pantchito.

Kafukufuku wa za ntchito amene ofesi ya boma ya ziwerengero ya NSO ya ku Zomba idachita mu 2013 adaonetsa bwino zimenezi. Potsata zipata zonse zitatu, ulova udali pafupifupi 7 pa 100 alionse. Atachotsa chipata chachiwiri chija n'kuwerengera onse amene analibe ntchito koma anali okonzeka kuigwira, chiwerengero chidafika pafupifupi 21 pa 100. Anthu ake ndi omwewo, chaka ndi chomwecho. Kafukufuku yemweyo adapeza kuti pafupifupi anthu 9 mwa 10 ogwira ntchito anali pa ntchito zosakhazikika, zopanda kalata, penshoni kapena tchuthi cholipidwa.

Ulova wa pakati pa ntchito ziwiri

Akatswiri a zachuma amagawa ulova m'mitundu itatu malinga ndi chimene chauyambitsa, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Mtundu woyamba ndi wopepuka. Ntchito ilipo, munthu woiyenera aliponso, koma sanakumane. Kalaliki wasiya ntchito ku Limbe chifukwa banja lasamukira ku Lilongwe, ndipo patenga miyezi iwiri asanapeze ina. Mtsikana wamaliza kozi ya unamwino, akudikira zotsatira za mayeso ndi chiphaso chogwirira ntchito. Ulova wotere sutha m'dziko lililonse, ngakhale chuma chikuyenda bwino chotani, ndipo pang'ono pake ndi wabwino, poti munthu amene wasankha modekha amakhalitsa pa ntchito.

Umadziwika ndi kufupika kwake: masabata kapena miyezi yochepa, ndipo malo a ntchito yoteroyo amakhala akulengezedwa ndithu. Chimene chimautalikitsa kwathu kuno ndi mtengo wofunira ntchito. Kujambulitsa masatifiketi, kudinditsa, thiransipoti yopita ku intavyu kuchokera ku Karonga kapena ku Nsanje, malo ogona, bandulo ya pa foni. Onjezani chizolowezi cholemba ntchito kudzera mwa odziwana, chimene chimasiya kunja munthu waluso wopanda womulankhulira. Zonsezi zimachepa ndi zinthu zotsika mtengo, monga kulengeza malo a ntchito poyera ndi kufulumizitsa ziphaso.

Ntchito ikapita osabweranso

Mtundu wachiwiri ndi umene umapweteka kwa zaka. Apa ntchito imene munthu amaidziwa yatheratu, kapena yasamukira kumene iye sangafike, ndipo ntchito zimene zikutsegulidwa zikufuna luso lina. Kudikira sikuthandiza.

Mbiri yathu ili ndi chitsanzo chachikulu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 amuna a ku Malawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku Joni kudzera mwa Wenela. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi idagwa ku Francistown ku Botswana ndipo Amalawi oposa 70 adafa. Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu. Kulembako kudayambanso mu 1977 pansi pa Teba, koma ndi anthu ochepa kwambiri, ndipo kudatheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pa mkangano wa kuyeza magazi a HIV. Munthu amene adatha zaka khumi akuboola miyala pansi pa nthaka adabwerera ku Dedza kapena ku Mzimba ndi luso limene panalibe woligula. Ambiri adabwerera kumunda, ena adalowa m'maesiteti a fodya. Chiwerengero cha ulova sichikadawaona, poti khasu lidawalandira.

Zoterezi zidachitikanso m'mafakitale a ku Blantyre pamene misika idatsegulidwa m'zaka za m'ma 1990. Zovala za kaunjika ndi nsalu zotchipa zochokera kunja zidafooketsa ntchito yoomba nsalu ndi kusoka, ndipo fakitale ya David Whitehead idagulitsidwa mu 2003 ili ndi antchito ochepa poyerekeza ndi kale. Woyendetsa makina oombera nsalu sasanduka wokonza makompyuta chifukwa choti wina walengeza malo a ntchitoyo. Abale athu a ku Zambia adaziona pa Copperbelt migodi ya kampani ya boma ya ZCCM itagulitsidwa cha m'ma 2000: tauni ngati Luanshya idatsala ndi amuna aluso lenileni ndi nyumba zimene sakadatha kuzinyamula kupita kumene kuli ntchito.

Pali mbali ina ya ulova umenewu imene m'mabuku a maiko olemera siitchulidwa kwambiri, koma kwathu ndiyo yaikulu. Kumeneko amakamba za kusagwirizana kwa luso ndi malo a ntchito amene alipo. Kuno malo enieniwo ndi ochepa. Chaka chilichonse achinyamata ochuluka zedi amafika msinkhu wogwira ntchito, pamene makampani ndi boma amalemba kagawo kakang'ono. Ndiye mukamva wina akuti vuto ndi loti achinyamata alibe luso, mufunseni kuti malo amene akusowa anthuwo ali kuti ndipo ndi angati. Maphunziro a ntchito zamanja, monga amene TEVETA yakhala ikuyang'anira kuyambira 1999, amathandiza kwambiri pamene pali wofuna mmisiriyo. Koma mukaphunzitsa owotcherera makumi asanu m'tauni imene magetsi amazimazima ndipo omanga nyumba ndi ochepa, mwangoonjezera anthu olimbirana geti limodzi lija.

Chizindikiro cha ulova umenewu ndi kutalika. Munthu amapitirira chaka. Umakhazikika pa dera limodzi, pa ntchito imodzi kapena pa msinkhu umodzi, ndipo suchoka ngakhale chuma chonse chitayamba kuyenda bwino. Ukatalika umadzidyetsa wokha: luso limachita dzimbiri, odziwana nawo a kuntchito amabalalika, ndipo olemba ntchito amakayikira munthu amene wakhala zaka zitatu osalembedwa.

Chuma chonse chikabwerera m'mbuyo

Mtundu wachitatu umabwera pamene anthu ndi makampani achepetsa kugula onse nthawi imodzi. Luso la antchito silinasinthe, makina ali pomwepo, koma maoda kulibe. Ku America ulova udafika 10 pa 100 mu Okutobala 2009 chifukwa cha kugwa kwa mabanki, kenaka n'kutsika pang'onopang'ono. Mu Epulo 2020 udadumpha kupitirira 14 pa 100 chifukwa cha Covid-19. Kumeneko chiwerengero chimagwira ntchito yake bwino, poti wochotsedwa ntchito amakalembetsa, amalandira thandizo, ndipo amakhaladi osagwira kanthu pamene akufunafuna.

Chizindikiro chake n'choti umagwira ntchito zambiri pamodzi. Womanga, wogulitsa mipando, wa malo ogona alendo ndi woyendetsa lole onse amadandaula mwezi umodzimodzi, ndipo malo olengezedwa m'nyuzipepala amachepa paliponse.

Kwathu kubwerera m'mbuyo kwa chuma nthawi zambiri kumalowera pa khomo la ndalama zakunja ndi la nyengo. Mu 2011 ndi 2012 mizere ya mafuta idaimitsa malole ndi mafakitale. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Kampani imene ikulephera kupeza madola ogulira zipangizo imayamba yachepetsa mashifiti, kenaka imasiya kuitana antchito atsiku, pomaliza n'kuchotsa okhazikika. Masitepe awiri oyambawo kawirikawiri saoneka pa chiwerengero cha ulova. Ndiponso mankhwala a m'mabuku, oti boma lionjezere ndalama zogwiritsa ntchito ndi kutsitsa chiwongoladzanja, amavuta kuno, chifukwa mitengo imakhala ikukwera kale ndipo ndalama zoonjezerazo zimakathera ku katundu wakunja amene madola ake kulibe.

Malire a mitunduyi sali olunjika. Mgodi wa Kayelekera ku Karonga udatsegulidwa mu 2009 n'kuimitsidwa mu 2014 mitengo ya yureniyamu itagwa pambuyo pa ngozi ya mu 2011 ya pa malo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima ku Japan. Poyamba zinkaoneka ngati kutsika kwa msika koti kudutsa. Koma kwa munthu amene ankayendetsa makina kumeneko, kuima kwa zaka zambiri kudasandutsa vutolo kukhala la mtundu wachiwiri uja.

Masamu a anthu 100

Tsopano tione kumene mitundu itatuyi imakathera. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, cholinga n'choti masamu aoneke.

Titenge dera la m'tauni la anthu 100 a msinkhu wogwira ntchito. Anthu 20 ndi ana asukulu, okalamba ndi ena amene sakufuna ntchito pakadali pano. Anthu 66 adagwirako ntchito sabata yatha: 8 ali pa malipiro a pamwezi, 58 ali pa geni, kabaza, maganyu ndi umisiri wa pamsewu. Mwa 66 amenewa, 20 adagwira maola ochepa ndipo akufunitsitsa oonjezera, ngati mnyamata wa geti uja. Anthu 4 sadagwire kanthu ndipo akufunafuna. Anthu 10 sadagwire kanthu, ntchito akuifuna, koma adatopa n'kusiya kufunafuna.

Msonkhano wa akatswiri a ziwerengero za ntchito wa mu 2013 ku Geneva udakhazikitsa miyeso inayi, imene mumaiona m'malipoti ndi maina awa:

```
LU1 = 4 / 70             = 5.7%
LU2 = (4 + 20) / 70      = 34.3%
LU3 = (4 + 10) / 80      = 17.5%
LU4 = (4 + 20 + 10) / 80 = 42.5%
```

Muyeso woyamba ndi umene umalembedwa pa mutu wa nkhani: malova 4 mwa anthu 70, kutanthauza 66 ogwira ndi 4 ofunafuna. Wachiwiri waonjeza a maola ochepa. Wachitatu waonjeza otopa aja, ndipo poti iwo anali kunja, pansi pa mzere pakhala 80. Wachinayi waphatikiza onse. Dera limodzimodzi lingatchulidwe kuti lili ndi ulova wa 6 pa 100 kapena kuti anthu 42 pa 100 akusowa ntchito yokwanira, ndipo onse awiri akunena zoona.

Pali chinthu china chosokoneza. Anthu awiri mwa ofunafuna anayi aja atataya mtima n'kusiya kuyenda ndi makalata, muyeso woyamba utsika kufika pa 2 mwa 68, pafupifupi 3 pa 100. Palibe amene wapeza ntchito, koma nambala yatsika ndi theka. Mukamva kuti ulova watsika, funsani ngati chiwerengero cha ogwira ntchito chakwera.

Pa siteji ya kabaza

Tipitirize ndi dera lomwelo. Fakitale yapafupi yasowa madola ndipo yachotsa anthu 5 mwa 8 a malipiro a pamwezi aja. Mmodzi, amene mkazi wake ali pantchito, wayamba kufunafuna. Anayi atenga ndalama zochotsedwera ntchito, ena mwa iwo abwereka njinga zamoto, ndipo alowa kabaza. Muyeso woyamba wasuntha kuchoka pa 4 mwa 70 kufika pa 5 mwa 70, kapena 7.1 pa 100. Wowerenga lipoti anganene kuti derali lapirira bwino.

Tiyeni pa siteji. Kale panali njinga 10 ndipo okwera ankakwana maulendo 120 pa tsiku, aliyense maulendo 12. Tsopano njinga zili 14, ndipo poti malipiro asanu a pamwezi achoka m'deralo, maulendo atsika kufika 100. Aliyense akupeza maulendo 7. Ulendo ukakhala wa K1,000, ndalama ya tsiku yatsika kuchoka pa K12,000 kufika pa K7,000. Mafuta amatsikako pang'ono maulendo akachepa, koma ndalama ya mwini njinga sitsika. Ngati mafuta ankadya K4,000 ndipo tsopano akudya K2,500, pamene mwini njinga akutenga K3,000 tsiku lililonse, yopita kunyumba yatsika kuchoka pa K5,000 kufika pa K1,500. Ulova wa anthu anayi wagawidwa kwa anthu 14, ndipo wafika ngati kuchepa kwa ndalama ya ndiwo.

Choipa n'chakuti ngakhale muyeso wachiwiri uja suwagwira anyamatawa. Iwo amafika pa siteji 5 koloko m'mawa n'kuchoka 8 koloko usiku. Wakalembera akafunsa maola, yankho ndi 80 kapena 90 pa sabata, ndipo nthawi yodikira kasitomala imawerengedwa ngati nthawi ya ntchito. Sanganene kuti akufuna maola oonjezera, poti tsiku latha kale. M'maola 15 amenewo njinga yayenda mwina maola atatu. Chimodzimodzi mayi amene wakhala tsiku lonse pa benchi ndi milu khumi ya tomato, pa mzere umene ogulitsa tomato alipo makumi awiri, n'kugulitsa milu inayi.

Choncho kuperewera kwa ntchito kuli ndi nkhope zingapo, ndipo iliyonse imafuna funso lakelake. Pali kuperewera kwa maola, kumene fomu imakugwira ikafunsa zinthu zitatu: maola amene munthu wagwira, ngati akufuna ena, ndiponso ngati ali ndi mpata wowagwira. Pali kuperewera kwa phindu, kumene kumaoneka pokhapokha mutafunsa zimene zatsala atachotsa mpamba ndi zolipira. Funso limeneli ndi lovuta, chifukwa wageni ambiri salemba, ndalama ya bizinesi ndi ya pakhomo zimakhala m'chitenje chimodzi, ndipo ena amabisa poopa msonkho kapena poyembekeza thandizo. Akafukufuku odziwa ntchito safunsa kuti "mumapeza zingati pa mwezi", amafunsa za dzulo: munapikula za zingati, munagulitsa za zingati, zatsala zingati, munalipira zingati za msika. Pomaliza pali kuperewera kwa luso logwiritsidwa ntchito, monga mnyamata wa digiri ya zaulimi amene akukhala m'kabenchi ka Airtel Money kapena Mpamba. Iye ali pantchito ya maola okwanira, koma zaka zinayi za maphunziro ake sizikutulutsa kanthu.

Ine ndimaona kuti apa m'pamene kulankhula kwa atsogoleri kumasochera kwambiri. Akamalonjeza kupanga ntchito n'kuwerengera aliyense amene wayamba kugulitsa kanthu, amakhala akuwerenga zotsatira za kusowa kwa ntchito ngati kuti ndi mankhwala ake. Ngongole yoyambira geni imathandiza munthu mmodzi, koma ikaperekedwa kwa anthu zana kuti onse akagulitse zofanana pa msika umodzi, phindu la aliyense limatsika ndipo ngongoleyo imatsala.

Bwanji ku Joni ulova uli wochuluka kuposa kwathu?

Ofesi ya ziwerengero ya ku South Africa imatulutsa lipoti la za ntchito miyezi itatu iliyonse, ndipo m'zaka zaposachedwapa ulova kumeneko wakhala pamwamba pa 30 pa 100, pamene ukawerengera otopa kufunafuna umapitirira 40. Komabe mabasi a ku Joni amanyamuka odzaza ku Blantyre, ku Mangochi ndi ku Mzimba. Anthu akuchoka ku dziko la ulova wochepa pa pepala kupita ku dziko la ulova wochuluka, ndipo sikuti asokonezeka mutu.

Ku South Africa kuli thumba la UIF limene limapereka kangachepe kwa wochotsedwa ntchito, kulinso ndalama za boma za okalamba ndi za ana zimene zimadyetsa mabanja ambiri. Malamulo a tsankho adalanda anthu akuda minda ndipo adapondereza malonda ang'onoang'ono kwa zaka zambiri, motero ulimi wa pakhomo ndi geni sizimeza anthu monga zimachitira kwathu. Wosowa ntchito kumeneko amaonekera poyera ngati lova. Kwathu amalowa m'munda kapena pa msika. Mmalawi amene amagwira ntchito ya m'dimba kapena ya m'nyumba ku Johannesburg amayerekeza zimene atsale nazo pa mwezi, ndipo chiwerengero cha ulova sichinena kanthu pa zimenezo. Kuika manambala a maiko awiriwa pa tebulo limodzi popanda kufotokoza izi ndi kusocheretsa owerenga.

Mlimi, ndi mwezi umene mwamufunsa

Anthu ambiri a m'dziko lino ali kumudzi, ndipo kumeneko nambala imadalira zinthu ziwiri zimene owerenga malipoti ambiri sazifufuza.

Choyamba ndi tanthauzo. Malamulo akale, a mu 1982, ankalola kuti mlimi wolima chakudya cha pakhomo pake awerengedwe kuti ali pantchito. Msonkhano wa 2013 uja udasintha: ntchito tsopano ndi yokhayo yolipidwa kapena yofuna phindu, ndipo wolima chimanga choti adye ndi banja lake amaikidwa m'gulu lina. Fomu imamufunsa ngati zokolola zake kwenikweni n'zogulitsa kapena n'zodya. Dziko likasamukira ku tanthauzo latsopanoli, ogwira ntchito amachepa kwambiri pa pepala ndipo ulova umakwera, ngakhale m'mudzimo simunasinthe kanthu. Musanayerekeze malipoti a zaka ziwiri zosiyana, tsegulani masamba oyambirira muone ngati adatsata tanthauzo limodzi. Yankho la mlimi nalonso limasinthasintha: amene chaka chino wati chimanga n'chodya angagulitse matumba asanu mu Juni mwana akafuna fizi.

Chachiwiri ndi nyengo, imene ena amaiyesa mtundu wachinayi wa ulova. Ulimi wodalira mvula umafuna manja onse kuyambira Novembala mpaka Januwale, pa kubzala, kupalira, kuthira feteleza ndi kubandira. Mu Julayi ndi Ogasiti munthu yemweyo, ngati alibe dimba, amakhala ndi maola ochepa kwambiri a ntchito yopindulitsa. Misika ya fodya ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu imalemba anthu kwa miyezi ingapo kuyambira cha mu Epulo, tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje amafuna othyola ambiri nthawi ya mvula, ndipo kudula nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa ndi kwa chilimwe. Kafukufuku wochitika mwezi umodzi amajambula mwezi umenewo basi. Kafukufuku wabwino amagawa makomo ake m'miyezi yonse 12, kapena amabwerera ku khomo lomwelo nyengo zosiyana.

Ngakhale mwezi wa ntchito zambiri uli ndi msampha wake. Mu Januwale banja limene chimanga chatha m'nkhokwe limapita kukapalira m'munda wa mnzawo wopezako kuti lilandire ufa wa tsikulo kapena ndalama pa mzere. Pa fomu ameneyu ndi munthu wa ntchito yolipidwa, wa maola ochuluka, wosadandaula za kuperewera kwa maola. Koma masiku amene wathera pa ganyuwo ndi omwe munda wake umafuna kupalira koyamba, m'masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera. Udzu ukapambana pa nthawi imeneyo, feteleza wochepa amene adathira amadyedwa ndi udzuwo, zokolola zimatsika, ndipo chaka chotsatira nkhokwe imatha mu Novembala m'malo mwa Januwale. Kuti wofufuza aone zimenezi amayenera kufunsa masiku a ganyu padera ndi masiku a m'munda wa mwini padera, kenaka n'kufunsa mwezi umene chimanga cha chaka chatha chidatha.